Dampa imodzi, malamulo awiri: kuthetsa mkangano wa ekonomaiza ndi sensa ya CO2 mu ndondomeko ya AHU

Vuto limene limabwera kawirikawiri m'makina okonza mpweya a AHU, makamaka amene ali ndi ekonomaiza, dongosolo loziziritsa nyumba ndi mpweya wakunja, pamodzi ndi sensa ya CO2, limaonekera m'njira zosiyanasiyana koma gwero lake ndi limodzi. Tsiku lozizira makina amazima okha anthu atangodzaza holo, tsiku lotentha koilo yoziziritsa imalephera ngakhale valavu yake ili yotsegula kotheratu, ndipo masiku ofunda pang'ono dampa ya mpweya wakunja, chitseko cha masamba cholowetsera mpweya, imangotsegula ndi kutseka pa mphindi zochepa zilizonse mpaka mota yake itatha. Amisiri ambiri amathamangira kusintha sensa kapena mota, koma pakapita milungu iwiri dandaulo limabwerera, chifukwa cholakwika chili papepala. Ndondomeko ya kayendedwe ka makinawo inapereka dampa imodzi kwa olamula awiri, osanena kuti womveredwa ndani.

Ekonomaiza imafuna mpweya wakunja chifukwa ndi wozizira kuposa wa m'nyumba, kotero umathandiza kuziziritsa popanda kugwiritsa ntchito chila, makina oziziritsa madzi opita ku koilo. Dongosolo la CO2 limafuna mpweya womwewo chifukwa anthu achuluka ndipo mpweya wa m'chipinda wafunika kusungunulidwa. Ziganizo ziwiri zimene zimapezeka m'ndondomeko zambiri, chimodzi chonena kuti dampa izisintha kuti isunge kutentha kwa mpweya wosakanikirana, china chonena kuti dampa izisintha kuti isunge CO2 pansi pa 1000 ppm, kutanthauza magawo 1000 pa miliyoni, zimamveka bwino mukamaziwerenga pachokhapachokha. Wolemba pulogalamu akazifikira amayenera kusankha yekha, ndipo chimene wasankha sichilembedwa pena paliponse.

Holo ya anthu 150

Titenge holo ya misonkhano yaikulu masikweya mita 300, denga lake lotalika mamita 4, yokhala anthu 150, yotumikiridwa ndi AHU imodzi yotulutsa malita 2000 pa sekondi. Muyezo wa ASHRAE 62.1, wa bungwe la ku America la akatswiri a makina a mpweya, umawerengera mpweya wakunja wofunika motere:

```
Vbz = Rp × Pz + Ra × Az
```

Pz ndi chiwerengero cha anthu ndipo Az ndi kukula kwa chipinda. Kwa chipinda cha misonkhano, Rp ndi malita 2.5 pa sekondi kwa munthu aliyense, ndipo Ra ndi malita 0.3 pa sekondi pa sikweya mita iliyonse. Holo ikadzaza pamafunika 375 kuphatikiza 90, amene ndi malita 465 pa sekondi, kapena kuti maperesenti 23 a mpweya wonse. Holo ikakhala yopanda anthu pa nthawi imene ikuyembekezeka kugwiritsidwa ntchito, gawo la malita 90 limatsala, chifukwa makapeti, mipando ndi penti zimatulutsabe fungo ndi nthunzi zimene sensa ya CO2 siziona. Ngati mafani a kuchimbudzi amatulutsa malita 150 pa sekondi kuchokera m'dera lomwelo, malire apansi ayenera kukwezedwa kufika pa 150, apo ayi nyumba idzayamba kukoka mpweya wosasefedwa m'zitseko ndi m'mawindo. Choncho ntchito yonse ya sensa ya CO2 m'holo imeneyi ndi kusuntha malire apansi a mpweya wakunja pakati pa 150 ndi 465, basi. Ilibe chifukwa chotsegulira dampa kupitirira pamenepo.

Tsopano tione zimene zimachitika ngati ndondomeko inangonena kuti CO2 isungidwe pa 1000 ppm. Munthu wokhala pansi amatulutsa pafupifupi malita 0.005 a CO2 pa sekondi, kotero anthu 150 amatulutsa malita 0.75. Holoyo ili ndi mpweya wokwana makyubiki mita 1200, ndiye kuti CO2 imayamba kukwera ndi pafupifupi 37 ppm pa mphindi, ndipo kuchoka pa 420 ppm ya panja kufika pa 1000 kumatenga mphindi zosakwana 20. Kuti nambalayo iime pa 1000, pamafunika 0.75 kugawa ndi 0.00058, kumene ndi kusiyana kwa 580 ppm pakati pa 420 ndi 1000, ndipo yankho ndi pafupifupi malita 1290 pa sekondi, maperesenti 65 a mpweya wonse wa makinawo, kuposa kuwirikiza kawiri ndi theka kuchuluka kumene makoilo anapangidwira. Pa malita 465 amene muyezo umafuna, holo yodzaza imakakhazikika pafupi ndi 2000 ppm. Ambiri amadabwa akamva zimenezi, chifukwa nambala ya 1000 inazolowereka ngati lamulo, koma ASHRAE 62.1 siiika 1000 ppm kukhala malire a chipinda chilichonse.

Apa ndi pamene madandaulo awiri oyamba aja amachokera. Tsiku limene kunja kuli madigiri 34 ndipo mpweya wobwerera uli pa 24, malita 825 owonjezerawo amabweretsa katundu wa pafupifupi makilowati 10 (1.2 kuchulukitsa ndi 825 kuchulukitsa ndi kusiyana kwa madigiri 10), osawerengera chinyezi, ndipo koilo imagonja. Tsiku limene kunja kuli madigiri 2, lupu ya PI, gawo la pulogalamu limene limasuntha dampa malinga ndi kutalika kwa nambala ya sensa kuchoka pa mulingo wofunika, imene ikulondola CO2 imapitiriza kuwunjika cholakwa chake chifukwa chipinda chimachedwa kuyankha, dampa imafika pa 100, mpweya wa madigiri 2 umagunda koilo, ndipo swichi yoteteza koilo kuti isaundane, imene nthawi zambiri imaikidwa pakati pa madigiri 3 ndi 4, imazimitsa fani. Kuchedwako si kwa masekondi. Pa malita 465 pa sekondi, mpweya wa m'holo umatenga mphindi 43 kuti usinthidwe kamodzi, kotero lupu yosinthidwa ngati ya kutentha singalephere kudumpha malire.

Mmene mungazindikirire pa galafu

Musanakhudze sikuludilaiva, lembetsani manambala awa pa mphindi iliyonse kwa masiku osachepera atatu, limodzi mwa masikuwo holo ili yodzaza: OAT, kutentha kwa mpweya wakunja, RAT, kwa mpweya wobwerera, MAT, kwa wosakanikirana, SAT, kwa wotuluka m'makina, ndi mulingo wake wofunika, CO2, lamulo lopita ku dampa, malo enieni a dampa ngati mota imabweza chizindikiro, ndi mavalavu onse awiri. Kulemba pa mphindi 15 zilizonse sikuthandiza, chifukwa dampa imene imagwedezeka pa mphindi 6 zilizonse imaoneka yodekha pa galafu yotero.

Mukaona dampa ikutsatira CO2 mpaka kupitirira malo amene amapereka malita 465, pamene kunja kukutentha kuposa m'nyumba, dziwani kuti malire apamwamba a dongosolo la CO2 kulibe. Mukaona dampa ikudumpha pakati pa malo awiri, mwachitsanzo 20 ndi 60, popanda kudutsa pang'onopang'ono, kawirikawiri ndi chifukwa mapulogalamu awiri akulembera pa pointi imodzi ndipo amene walemba komaliza ndiye akupambana, kapena pali lamulo lonena kuti CO2 ikakwera ekonomaiza iime. Chizindikiro chachitatu n'chobisika kwambiri chifukwa palibe amene amadandaula nacho: dampa ili pamwamba pa malire apansi pamene valavu ya madzi otentha ili yotsegula. Zimenezi zimachitika pamene ekonomaiza ili ndi lupu yakeyake yosunga MAT pa madigiri 13, ndipo koilo yotenthetsa ili ndi lupu ina yosunga SAT pa 16. Lupu iliyonse ikuchita bwino ntchito yake, koma pa malita 2000 pa sekondi kusiyana kwa madigiri 3 kumeneko ndi makilowati oposa 7 otenthetsera mpweya umene makina omwewo auziziritsa dala.

Lamulo lopita ku dampa si umboni wakuti mpweya walowa. Kuchuluka kwenikweni kwa mpweya wakunja kumadziwika ndi masensa a kutentha:

```
%OA = (RAT − MAT) / (RAT − OAT) × 100
```

Ngati RAT ndi 22, OAT ndi 2, ndipo MAT ndi 13, mpweya wakunja ndi maperesenti 45. Kontolola ikamanena kuti dampa ili pa malire apansi, pamene payenera kukhala 23, ndiye kuti mpini wa dampa wamasuka pa shafuti, kapena masamba ake sakutseka, kapena dampa ya mpweya wobwerera yakanirira pakatikati. Kuwerengera kumeneku n'kodalirika pokhapokha RAT ndi OAT zikasiyana ndi madigiri 6 kapena kuposa, chifukwa zikayandikana, kulakwitsa kwa theka la digiri pa sensa imodzi kumasokoneza yankho lonse. Kumafunanso kuti MAT iyezedwe ndi sensa yaitali yozungulizidwa pankhope yonse ya koilo, osati kamtengo kamodzi kolowetsedwa pambali.

Mfundo ya sensa yaitaliyi ili ndi phindu lina. M'holo yathu, pa malita 465, ngakhale kunja kutazizira mpaka madigiri 10 pansi pa ziro, mpweya wosakanikirana bwino uyenera kukhala pafupifupi madigiri 14.5. Choncho ngati ndondomeko yakonzedwa, dampa ikuima pa malire ake, koma swichi yoteteza koilo ikuzimitsabe makina, musabwererenso ku pulogalamu. Mpweya wozizira ukutsetsereka pansi pa bokosi losakanizira osasakanikirana ndi wobwerera, ndipo swichiyo imamva kachigawo kozizira kwambiri ka waya wake, osati avareji. Tsegulani chitseko, yezani ndi thamomita pamalo asanu ndi anayi a nkhope ya fyuluta, ndipo mudzaona kusiyana pakati pa m'mwamba ndi m'munsi. Mankhwala ake ndi kutembenuza masamba a madampa kuti mitsinje iwiri ya mpweya igundane, kapena kuika zotchinga zosakanizira.

Kalembedwe kothetsa mkanganowo

Ndondomeko yabwino imapatsa kutentha lupu imodzi yokha, yolondola SAT, ndipo zotuluka zake zimagawidwa motsatizana. ASHRAE Guideline 36, imene inatuluka koyamba mu 2018, imatsata njira imeneyi: gawo loyamba la zotuluka za lupu ndi la valavu yotenthetsa imene imatseka pang'onopang'ono, gawo lapakati ndi la madampa, ndipo gawo lomaliza ndi la valavu yoziziritsa. Popeza nambala imodzi singakhale m'magawo awiri nthawi imodzi, kutenthetsa ndi ekonomaiza sizingagwire ntchito pamodzi, ndipo palibenso malupu awiri oti n'kumakokana. Sensa ya CO2 siilembera dampa. Imangowerengera malire apansi, ndipo dampa imatenga chachikulu pakati pa malirewo ndi chimene ekonomaiza ikufuna.

```
u        = PI(SAT, SAT_sp)
HW_vlv   = scale(u, 0, 33, 100, 0)
Econ     = scale(u, 33, 67, 0, 100)
CHW_vlv  = scale(u, 67, 100, 0, 100)
OA_min   = scale(CO2, 800, 1000, 150, 465)
if not Econ_enable: Econ = 0
OA_dmpr  = max(pos(OA_min), Econ)
```

Apa scale imasintha nambala molunjika pakati pa malekezero awiri ndi kuima pa malekezerowo, SAT_sp ndi mulingo wofunika wa SAT, HW_vlv ndi valavu yotenthetsa, ndipo CHW_vlv ndi yoziziritsa. Mzere wa OA_min ndi wowongoka, wopanda gawo lowunjika cholakwa, ndipo uli ndi malekezero mbali zonse ziwiri: pansi pa 800 ppm umapereka malita 150, pa 900 umapereka pafupifupi 308, ndipo pa 1000 kapena kuposa umaima pa 465. Kusiyana kwa 200 ppm pakati pa poyambira ndi pothera ndi kumene Guideline 36 imagwiritsanso ntchito. Ine ndimasankha kuti malekezero apamwamba afikidwe msanga pa 1000 m'malo modikira 2000, chifukwa m'chipinda chimene anthu amalowa onse nthawi imodzi, CO2 imatsalira kumbuyo kwa chiwerengero cha anthu, ndipo ndi bwino kuti mpweya wokwanira uyambe kulowa msonkhano usanafike pakati. Zimawononga mphamvu pang'ono pamene anthu ali ochepa. Ndi anthu 20, holo imakhazikika pafupi ndi 850 ppm ndi malita 230 pa sekondi, pamene muyezo ukanafuna 140 okha. Ngati mwini nyumba akufunadi kuti holo yodzaza isapitirire 1000 ppm, chimenecho ndi chisankho cha kapangidwe ka makina, ndipo makoilo, boila ndi chila ziyenera kukulitsidwa kuti zikwane malita 1290. Sichingabisidwe mu nambala imodzi ya pulogalamu.

Tiyese mzere womaliza ndi tsiku limene kunja kuli madigiri 8, RAT ili pa 23, ndipo SAT ikufunika pa 14. Ekonomaiza idzafuna 9 kugawa ndi 15, maperesenti 60, amene ndi malita 1200 pa sekondi (kutentha pang'ono kumene fani imawonjezera takusiya pambali). Malita 1200 aposa 465, kotero CO2 ilibe chonena, ndipo palibe chifukwa choiyimitsira kapena kuiyatsa. Madzulo, kunja kukafika madigiri 2 ndipo holo ikufuna mpweya wa madigiri 20, lupu imatsikira m'gawo lotenthetsa, Econ imakhala ziro, ndipo dampa imakhala pa malire a CO2. Ngati holo ili yodzaza, MAT idzakhala pafupifupi 18 ndipo valavu yotenthetsa idzawonjezera madigiri awiri otsalawo. Kutenthetsa kotere n'koyenera, ndipo ndondomeko inene momveka kuti kuzizira kwa SAT sikuchepetsa malire apansi a mpweya wakunja, kupatula pa chitetezo cha kuundana.

Mawu akuti pos(OA_min) abisa ntchito yaikulu. Dampa siitulutsa mpweya molingana ndi kutsegula kwake, kotero maperesenti 23 a mpweya si maperesenti 23 a kuzungulira kwa mota, ndipo fani ikatsika liwiro, malo omwewo amalowetsa mpweya wocheperako. Ngati pali chipangizo choyezera mpweya wakunja chimene chimawerenga molondola ngakhale pa malita 150, lupu yaing'ono ya kuchuluka kwa mpweya ndiyo isinthe malitawo kukhala malo a dampa. Ngati palibe, ndondomeko ilamule kuti woyeza mpweya apeze malo anayi: malita 150 ndi 465 fani ili pa liwiro lotsika, komanso 150 ndi 465 ili pa liwiro lokwera, ndipo pulogalamu iwerengere zapakati. Ndondomeko imene imangonena kuti malire apansi ndi maperesenti 10 a dampa sinanene chilichonse chokhudza mpweya.

Kuyatsa ndi kuzimitsa ekonomaiza

Kugwedezeka kwa masiku ofunda kumachokera pa Econ_enable. Ekonomaiza imaletsedwa pamene mpweya wakunja wayamba kuwonjezera katundu m'malo mouchepetsa. Muyezo wa ASHRAE 90.1 umapereka malire a kutentha kwa kunja malinga ndi nyengo ya dera, kuyambira pafupifupi madigiri 18 kumadera a chinyezi chambiri kufika pa 24 kumadera ouma. Sensa ya chinyezi imalonjeza kusankha kwanzeru kuposa pamenepo, koma imasokonekera msanga kuposa ya kutentha, ndipo pamalo pamene palibe woiyang'anira chaka ndi chaka, malire a kutentha okha amalakwitsa pang'ono.

Mulimonse mmene mungasankhire, musalembe nambala imodzi yoyatsira ndi kuzimitsira. Ngati malire ndi madigiri 21, lembani kuti ekonomaiza izime OAT ikaposa 21, ndipo iyakenso OAT ikakhala pansi pa 20 kwa mphindi 10 zotsatizana. Popanda mpata umenewu, mtambo wodutsa pamwamba pa sensa umakwanira kusuntha dampa kuchoka pa 100 kufika pa malire apansi ndi kubwereranso. Onaninso pamene sensa ya OAT yamangidwa, chifukwa ikakhala padzuwa, pamwamba pa denga lakuda, kapena pafupi ndi potulukira mpweya wa m'nyumba, imawerenga mokweza ndipo ekonomaiza imazima tsiku lililonse m'mawa kukadali kozizira. Lembaninso dongosolo la kusintha: pozimitsa ekonomaiza, dampa ya mpweya wobwerera iyambe yatsegula kotheratu, kenako yakunja itsike, kuti fani isakoke madampa onse awiri ali otseka. Mukamva bokosi losakanizira likulira ngati chitini chofinyidwa pa nthawi yosinthayo, dongosololi lasemphana.

Chitetezo cha kuundana ndicho chokha chimene chili pamwamba pa max uja, ndipo chiyenera kukhala cha masitepe. SAT ikatsika pansi pa madigiri 4.4 kwa mphindi 5, ekonomaiza iletsedwe, dampa ibwerere pa malire apansi ndipo valavu yotenthetsa itsegule. Ikapitirira kutsika pansi pa 3.3 kwa mphindi zina 5, dampa yakunja itseke kwa kanthawi ndipo alamu ilire. Kuzimitsa fani kukhale komaliza, kudzera pa swichi yolumikizidwa ndi waya mwachindunji, imene munthu ayenera kuibwezeretsa ndi dzanja atapita kukaona koilo.

Pamene sensa ndi yonama

Ndondomeko iyeneranso kunena zochita sensa ya CO2 ikalephera. Ikawerenga pansi pa 350 ppm, kapena nambala yosasintha kwa maola ambiri fani ikuyenda, kapena chizindikiro chikasowa, OA_min ipite pa 465 ndipo alamu ilire, chifukwa kuwononga mphamvu kwa masiku angapo n'kopepuka kuposa holo yodzaza yolandira malita 150. Masensa ambiri a mtundu wa NDIR, amene amayeza CO2 ndi kuwala kosaoneka ndi maso, amadzikonza okha poganiza kuti nambala yotsikitsitsa imene aiona m'masiku angapo ndi ya mpweya wapanja, pafupifupi 400 ppm. M'holo imene imakhala yopanda anthu usiku, zimenezi zimayenda bwino. M'chipinda chimene chimakhala ndi anthu usana ndi usiku, sensa imatenga 600 kukhala 400, imayamba kuwerenga motsitsa, ndipo dampa imatseka mwakachetechete popanda alamu iliyonse. Kumalo otero kudzikonzako kuzimitsidwe ndipo sensa iziyesedwa ndi gasi wodziwika kuchuluka kwake. Sensa ikhale pakhoma, pa msinkhu wa pakati pa mita 0.9 ndi 1.8, kutali ndi chitseko ndi kumene mpweya wa makina umawombera. Alamu ya CO2 yokwera isaikidwe pa 1000, chifukwa idzalira msonkhano uliwonse mpaka anthu atasiya kuimvera. M'holo yathu, alamu yothandiza ndi yonena kuti CO2 yaposa 1000 kwa mphindi 15 pamene mpweya wakunja woyezedwa sunafike pa 465.

Pa tsiku loyesa, simufunika kudikira anthu 150 kapena nyengo yozizira. Lembani pamanja CO2 ya 1500 ndi OAT ya 30 pa kontolola, ndipo dampa iyenera kuima pa malo a malita 465 osapitirira. Siyani CO2 pa 1500, tsitsani OAT kufika pa 12, dikirani mphindi 10, tsitsani mulingo wa SAT, ndipo dampa iyenera kukwera kufika pa 100 valavu yoziziritsa isanayambe kutsegula. Kenako kwezani mulingo wa SAT, ndipo dampa itsike mpaka pa malo a 465 valavu yotenthetsa isanasunthe. Tsitsani CO2 kufika pa 500 muone dampa ikupita pa malo a 150, kenako masulani nambala ya CO2 imene munalemba pamanja, chotsani waya wa sensa muone ikubwerera pa 465. Pa sitepe iliyonse munthu mmodzi aime pa chitseko cha makina akuyang'ana masamba a dampa, osati nambala ya pa sikirini. Mukamaliza, masulani manambala onse amene munalemba pamanja, ndipo lembani m'ndondomeko malo anayi a dampa amene woyeza mpweya anapeza, pamodzi ndi liwiro la fani limene anayezera.